"Zikuoneka ngati muli pa foni ya Android": chifukwa chake meseji yoyamba kwa kasitomala isamanene kuti tikudziwa chipangizo chake

Pali kameseji kaja kamabwera pompopompo munthu ukangotumiza dandaulo pa webusayiti, koti talandira uthenga wanu tikuyankhani posachedwa. Anthu ambiri amene timakonza mawebusayiti timakonda kuwonjezerapo mzere wina wosonyeza kuti tili tcheru, woti "taona kuti mukugwiritsa ntchito foni yakutiyakuti". Mzere umenewu ndi umene ndikufuna tikambirane, chifukwa ine ndinaulembapo molakwika ndipo amene anavutika nazo anali munthu wosalakwa.

Nthawi imeneyo ndinkathandiza kakampani kena kamene makasitomala ake amatumiza chithunzi cha lisiti akalipira. Mayi ena analemba kuti chithunzi chikukana kupita, akadina batani palibe chikuchitika. Meseji yathu yoyamba, imene ndinaikonza ndekha, inawayankha kuti "Talandira dandaulo lanu. Mukugwiritsa ntchito kompyuta ya Linux ndi Chrome." Mnzanga amene ankayankha makasitomala atawerenga mzere womwewo anaukhulupirira basi, n'kuwatumizira malangizo a pa kompyuta, oti atsegule foda ya zithunzi, akoke chithunzicho ndi mawusi n'kuchiponya m'kabokosi. Mayiwo anayankha mwaulemu kuti pepani achimwene sindikumvetsa, ndipo panapita masiku awiri tikungobwerezana zomwezo mpaka tinawaimbira. Anatiuza kuti kompyuta alibe, sanaigwirepo n'komwe, ali pa foni yawo yomweyi imene amaimbira. Mwana wa mchemwali wawo anali atabwereka foniyo n'kuchonga pa `Desktop site` mu Chrome, ndiye tsamba lathu linkatseguka tizilembo ting'onoting'ono ngati la pa kompyuta, batani lotumizira chithunzi litabisika kuseri kwa chinthu china. Vuto lenilenilo linali loti tikanalithetsa pa mphindi ziwiri. Chimene chinatichedwetsa ndi choti meseji yanga inanena motsimikiza chinthu chimene sinkachidziwa, ndipo mayiwo sanatsutse chifukwa ankaganiza kuti mwina Linux ndi dzina lina la foni yawo, poti akampani anena.

Kuti mumvetse chimene chinachitika muyenera kudziwa kuti seva, kompyuta imene imasunga webusayiti, siiona foni ya munthu. Chimene imalandira ndi mzere wa mawu umene burawuza imatumiza limodzi ndi pempho lililonse, dzina lake `User-Agent`, ndipo burawuzayo imalemba yokha zimene ikufuna kunena za iyo mwini. Zili ngati mlendo wogogoda pakhomo usiku n'kunena yekha kuti ndine uje wa kwa uje, inu muli m'nyumba simukumuona nkhope. Kale foni ya Samsung Galaxy A12 ikatsegula tsamba ndi Chrome inkatumiza zonga izi:

```
Mozilla/5.0 (Linux; Android 11; SM-A125F) AppleWebKit/537.36 (KHTML, like Gecko) Chrome/96.0.4664.45 Mobile Safari/537.36
```

Apa `SM-A125F` ndi nambala ya modelo, ndiye munthu umatha kuyang'ana pa mndandanda n'kupeza kuti ndi A12. Koma taonaninso mzere womwewo, ukuyamba ndi `Mozilla`, ukuthera ndi `Safari`, pomwe burawuzayo ndi Chrome. Izi zinayamba kalekale m'zaka za m'ma 1990 pamene mawebusayiti ankapereka masamba abwino kwa Netscape yokha, imene inkadzitchula `Mozilla`, ndiye Internet Explorer nayo inayamba kudzitchula choncho kuti isamanidwe, ena onse obwera pambuyo n'kumatengera zomwezo. Ndiye kuyambira pachiyambi pomwe mzerewu unali wongothandiza burawuza kuti ilandiridwe, sunali chiphaso ngati cha boma ayi.

Tsopano chimene ambiri sanachizindikire ndi choti Chrome inasintha dala. Pofuna kuti mawebusayiti asamazindikire munthu mosavuta pophatikiza tizinthu ting'onoting'ono ta chipangizo chake, Google inachepetsa zimene mzerewu umanena, ndipo kuyambira pa Chrome 110 mu 2023 mafoni a Android anayamba kutumiza mawu ofanana onse:

```
Mozilla/5.0 (Linux; Android 10; K) AppleWebKit/537.36 (KHTML, like Gecko) Chrome/120.0.0.0 Mobile Safari/537.36
```

Kaya foniyo ndi Samsung, Tecno, itel kapena Redmi, kaya ili ndi Android 12 kapena 14, mzerewo umati `Android 10; K` basi. `K` ameneyu si modelo ya foni iliyonse, ndi chilembo chongoikapo potseka mpata. Ndiye ngati pulogalamu yanu ikuwerengabe mzerewu mwachikale n'kumauza kasitomala kuti "muli pa Android 10", dziwani kuti ikuuza anthu ambirimbiri zabodza tsiku lililonse, ndipo choipa kwambiri n'choti woyankha madandaulo akhoza kumuuza munthu wa foni yatsopano kuti foni yanu ndi yakale mukasinthe. Njira yodziwira kuti muli ndi vutoli ndi yosavuta, tsegulani malogi a seva muwerenge, mukapeza kuti pafupifupi aliyense wa Chrome pa Android ali pa 10 ndipo modelo yotchuka kuposa zonse ndi `K`, ndiye kuti mukuwerenga chophimba osati nkhope.

Si Android yokha. Windows 11 imadzinena kuti `Windows NT 10.0` chimodzimodzi Windows 10, ndiye mzerewu sungasiyanitse ziwirizi. iPhone imangoti `iPhone` osatchula kuti ndi iti. Ndipo iPad, kuyambira pa iPadOS 13 mu 2019, Safari yake nthawi zambiri imadzinena kuti `Macintosh` kuti izilandira masamba a pa kompyuta. Za mayi aja, foni ya Android ikakhala pa `Desktop site` Chrome imachotsa mawu oti `Android` ndi `Mobile` n'kulemba `X11; Linux x86_64`, ndiye pulogalamu yanga sinalakwitse kuwerenga, inawerenga bwinobwino zimene inauzidwa. Ndinalakwitsa ndine posandutsa "burawuza yati" kukhala "mukugwiritsa ntchito".

Wina afunsa kuti nanga palibe njira yofunsira zoona? Ilipo ndithu, ndipo ndi yothandiza, koma ili ndi malire ake. Mabulawuza a banja la Chromium, monga Chrome ndi Edge, ali ndi njira yoti seva ipemphe zambiri mwachindunji. Seva imatumiza mzere uwu poyankha:

```
Accept-CH: Sec-CH-UA-Model, Sec-CH-UA-Platform-Version
```

ndipo pa pempho lotsatira burawuza imabweretsa modelo ndi nambala yeniyeni ya Android. Mukhozanso kufunsa kuchokera m'tsamba momwemo:

```js
const d = await navigator.userAgentData
  .getHighEntropyValues(["model", "platformVersion"]);
```

Pa Windows, nambala imene imabwera ikakhala 13 kapena kuposa ndiye kuti ndi Windows 11, ndi mmene Microsoft inafotokozera. Koma izi zimagwira pa tsamba la `https` pokha, pa pempho loyamba penipeni modelo imakhala isanabwere chifukwa seva imakhala isanapemphe, ndipo Safari ndi Firefox sizitumiza zimenezi, moti `navigator.userAgentData` kumeneko kulibeko, mukapanda kuonetsetsa kaye kodi yanu imangogwa. Ndipo ngakhale yankho litabwera lonse bwinobwino, likadali lochokera kwa foni yomweyo ikudzinenera yokha. Kuno kwathu tikudziwa mafoni ogulidwa pa msika amene kunja alembedwa dzina lalikulu, mkati mwakenso anawalemba kuti azidzitchula dzina lomwelo pomwe zamkati ndi zina. Foni yotere ikafunsidwa modelo imayankha zimene anailembera.

Palinso Opera Mini imene anthu ambiri amaikonda chifukwa imasunga bando. Ikakhala pa kusunga deta kwambiri, tsamba silipita molunjika ku foni, limayamba ladutsa pa maseva a Opera amene amalifinya kenako n'kulitumiza. Ndiye seva yanu ikuyankhulana ndi makina a Opera amene ali kunja kwa dziko, ndipo adilesi ya `IP` imene mukuiona, nambala yosonyeza kumene pempho lachokera pa intaneti, ndi yawo. Mukalemba mu meseji kuti "mwalowa kuchokera ku dziko lakuti" munthu ali phee ku Mchinji, mumuopseza zedi, aganiza kuti akaunti yake yabedwa. Ngakhale popanda Opera, makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri adilesi imodzi, ndipo mindandanda imene imamasulira adilesi kukhala dzina la malo nthawi zambiri imangoloza mzinda umene kampaniyo inalembetsa kapena kumene kuli makina ake akuluakulu, ndiye munthu wa ku Karonga amaoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Ndiye zimene tili nazo m'manja ndi zizindikiro, ngati mapazi pa mchenga. Mlenje akaona mapazi amatha kunena kuti padutsa gwape m'mawa uno ndipo nthawi zambiri amalondola, koma gwapeyo sanamuone. Ine sindikunena kuti tisiye kugwiritsa ntchito zizindikirozi ayi, zimathandiza kwambiri, makamaka mukaziika pamodzi n'kuona ngati zikugwirizana. Tibwerere kwa mayi aja tione zimene ndinali nazo tsiku limenelo. Mzere wa `User-Agent` unkati Linux ya pa kompyuta. Adilesi inali ya netiweki ya foni, koma ichi chokha sichitsimikiza kanthu chifukwa ambirife laputopu timailumikiza ku hotisipoti ya foni. Chizindikiro chachitatu chimene sindinachifunse n'komwe ndi `navigator.maxTouchPoints`, chimene chimanena kuti sikirini ingamve zala zingati nthawi imodzi. Kompyuta wamba imati 0, foni imanena nambala yoposa 1. Njira yomweyi ndi imene anthu amasiyanitsira iPad ndi Mac, chifukwa zonse zimati `Macintosh` koma iPad yokha ndi imene ili ndi sikirini yokhudza. Ndikanafunsa, ndikanaona kuti chizindikiro china chikuti kompyuta, china chikuti sikirini ya zala, ndipo kusagwirizana komweko ndi kumene kukanandiuza kuti mwina ndi foni yochongedwa `Desktop site`. Ndikuti mwina, chifukwa malaputopu a sikirini yokhudza alikonso. Apa ndiye pali mfundo imene ndimaigwiritsa mpaka lero, yoti zizindikiro zikasemphana pulogalamu isasankhe chimodzi n'kubisa chinzakecho, ionetse kuti zasemphana.

Tsopano meseji yeniyeniyo ilembedwe bwanji? Ine ndinailembanso motere, ndipo ndi imene ndimalangiza anzanga:

"Talandira dandaulo lanu. Malinga ndi zimene burawuza yanu yatitumizira, zikuoneka ngati muli pa foni ya Android ndi Chrome. Ife foni yanu sitikuiona, tangoyerekeza, ndiye ngati talakwitsa tiuzeni. Mukatiuza dzina la foni yanu, limene mungalipeze pa Settings kenako About phone, tikuthandizani msanga."

Muli zinthu zingapo mmenemu zimene ndinaziika dala. Mawu oti "malinga ndi zimene burawuza yanu yatitumizira" akumuuza munthu kumene tatenga nkhaniyi, kuti asaganize kuti tikusuzumira m'foni mwake. Ili si vuto laling'ono, anthu ambiri akaona kampani ikutchula foni yawo amayamba kufunsa ngati ikuonanso zithunzi ndi mameseji awo a pa WhatsApp, pomwe tsamba la pa intaneti silingathe n'komwe kuwerenga nambala ya `IMEI` ya foni, ija mumaiona mukaimba `*#06#`. Mawu oti "zikuoneka ngati" ndi amene akunyamula chilungamo chonse, ndipo pa Chichewa tili ndi mwayi chifukwa ndi mawu amene timayankhula tsiku lililonse, palibe amawaona ngati achilendo kapena ofooka. Kenako pali chitseko chotsegula choti "ngati talakwitsa tiuzeni", ndipo kwa anthu athu chitsekochi chiyenera kulembedwa poyera, chifukwa munthu wamkulu woleredwa mwaulemu sangangoyamba kutsutsa kampani pa nkhani ya makina imene akuona kuti iye saidziwa. Mayi aja anakhala masiku awiri akudziona ngati iwo ndi amene sakumva. Zimenezi zimandiwawabe.

Onaninso kuti meseji yatsopanoyi yangoti "foni ya Android", sinatchule 10, sinatchule modelo. Lamulo langa ndi loti munene mpaka pamene zizindikiro zafika, osapitirira. Mukalandira `Android 10; K` ndiye kuti mwauzidwa Android ndi Chrome basi, nambalayo itayeni. Mukalandira modelo kudzera pa `Sec-CH-UA-Model` mukhoza kuitchula, komabe muziti "foni yanu ikudzitchula kuti SM-A125F, imene nthawi zambiri ndi Galaxy A12". Zizindikiro zikasemphana ngati za mayi aja, ndi bwino kungofunsa, "sitikutha kudziwa ngati muli pa foni kapena pa kompyuta, tiuzeni". Ndipo pasakhale lonjezo loti "tapeza kale vuto la foni yanu" kapena "tikutumizirani malangizo a foni yanu yeniyeniyo", lonjezo loona ndi loti tiyamba ndi zimene tayerekeza kenako tikonza mukatiyankha.

Abwana anga nthawi imeneyo sanaikonde meseji yatsopanoyi poyamba, ankati ikumveka ngati sitidziwa ntchito, kasitomala amafuna kampani yoyankhula motsimikiza. Nkhawa yawo ndimaimvetsa, ndipo pali njira yolakwitsira mbali inayo, yodzaza meseji ndi "mwina" ndi "kapena" mpaka munthu osatolapo kanthu. "Zikuoneka ngati" mmodzi ndi wokwanira, kenako nenani chimene mwayerekezacho momveka. Koma kutsimikiza kwabodza mtengo wake ndi waukulu, chifukwa munthu amene ali ndi Android 14 m'manja ukamuuza motsimikiza kuti ali pa 10, amadziwa nthawi yomweyo kuti ukunena zosaona, ndipo malangizo onse otsatira amawakayikira ngakhale ali olondola.

Pamene nkhaniyi imafika poopsa ndi pa mameseji a chitetezo, aja oti "wina walowa mu akaunti yanu". Munthu walowa ndi iPad yake, meseji ikubwera yoti mwalowa ndi kompyuta ya Mac, iye Mac alibe, ndiye amasintha pasiwedi mwamantha usiku, mawa zomwezo, mkuja zomwezo, mapeto ake amazolowera n'kumati mameseji amenewa amanama, tsiku limene wakuba weniweni adzalowe sadzawerenganso. Mbali inayo ndi yoopsa kuposa, wakuba akhoza kudzilembera `User-Agent` iliyonse imene akufuna, ndi lamulo limodzi lokha lolemba pa kompyuta:

```
curl -A "Mozilla/5.0 (Linux; Android 10; K) Mobile" https://example.com
```

Ndiye meseji ikati "mwalowa ndi foni yanu ya Android" mwini akaunti amakhazika mtima pansi pomwe wolowayo ali pa kompyuta kutali. Mawu oti "yanu" pamenepo ndi amene apha, chifukwa palibe chimene seva yaona chotsimikiza kuti foniyo ndi yake. Cholembedwa moona chingakhale choti "pa 14:32 wina walowa ndi chipangizo chimene chikudzitchula kuti Chrome pa Android, ngati simunali inu pa nthawi imeneyi sinthani pasiwedi". Nthawi ndi chinthu chimene seva ikuchidziwadi chifukwa wotchi ndi yake, ndiye ndi imene iyenera kutsogola, munthu amakumbuka bwino ngati analowa masana ano kusiyana ndi kudziwa dzina limene burawuza yake imadzitchula. Ngati mukufunadi kuzindikira chipangizo chimene munthu analowerapo kale, njira yake ndi kusiya chizindikiro chanu chachinsinsi tsiku loyamba mu kuki, kauthenga kamene webusayiti imasungitsa mu burawuzayo, ndipo ngakhale apo chimene mwazindikira ndi burawuza osati foni, akafufuta deta kapena kutsegula ndi burawuza ina pa foni yomweyo adzaoneka ngati mlendo.

Chomaliza chimene ndinaphunzira mochedwa n'choti kukonza meseji ya kasitomala yokha sikukwanira, chifukwa amene anasokera poyamba pa nkhani ya mayi aja anali mnzanga wa mu ofesi. Pa sikirini yake pankangooneka kabokosi kolembedwa "Chipangizo: Linux", ndipo aliyense woona kabokosi kotere amakhulupirira. Ndinakagawa pawiri. Kumanzere ndinalemba "Zimene tayerekeza" n'kuikapo zizindikiro zonse mmene zabwerera, mzere wa `User-Agent` wosadula, nambala ya `maxTouchPoints`, ndi modelo ngati yabwera, ndipo zikasemphana kabokosiko kamasanduka kachikasu. Kumanja ndinalemba "Zimene kasitomala watsimikiza", ndipo kamakhala kopanda kanthu mpaka munthuyo atayankha yekha kapena atatumiza chithunzi cha About phone. Tinagwirizana kuti malangizo aatali, oti dinani apa kenako apo, asamatumizidwe kabokosi ka kumanja kadakali kopanda kanthu, funso loyamba lizikhala loti muli pa foni kapena pa kompyuta, ndipo ngati ndi foni, tsamba likuoneka tizilembo ting'onoting'ono kodi? Akati eya, timawauza adine timadontho titatu pamwamba kumanja mu Chrome n'kuchotsa kachongi pa `Desktop site`, kenako ayeserenso kutumiza chithunzi chija.